Mabuleki: Phazi

Ababa anga amanyoza katundu wawo. Ndi mmene amagulitsira, ndipo anayamba ine ndisanabadwe. Ali ndi kashopu ka katundu wogwirapo kale ntchito panjira yolowera ku Chikanda: maketulo, maayironi, mafani, mawayilesi, matilesi, ndi njinga zingapo zotsamiritsidwa kukhoma. Munthu akaloza ketulo n'kufunsa mtengo, iwo satchula mtengo. Amayamba kumuuza kuti chivindikiro chake chimagwera m'kapu, chingwe chake chinalumidwapo ndi khoswe, ndiponso siizima yokha, moti ukapita kocheza ukapeza madzi atatha, ikuphika chitsulo. Akamaliza malirowo ndiye amatchula mtengo. Ana a pakoleji amati kumeneko ndi kwa agogo onyoza katundu, ndipo kale ankabwera ambiri, ena kudzagula, ena kudzangomvera.

Ndili mwana zinkandinyansa. Anzanga makolo awo ankagulitsa ngati anthu ofuna kudya, anga ankagulitsa ngati akupepesa. Koma ndinakula n'kuona kuti m'Zomba monse palibe amene anabwererapo pakhomo pathu atanyamula ayironi n'kumati tinamunamiza. Ababa alibe galimoto, alibe nyumba yachiwiri. Chimene ali nacho ndi dzina lokhalo, ndipo amalisunga ngati mazira.

Vuto linabwera pamene anthu anasiya kuyenda. Ana a pakoleji anayamba kugula zinthu atagona pabedi, m'magulupu a pafoni, kumene aliyense amagulitsa zinthu "zatsopano ndithu, zangotsika kumene." Pashopu pathu pankadutsa nkhuku zokha. Ine ndimagwira ntchito yotaipa ndi kufotokopa pafupi ndi koleji, ndiye laputopu ndili nayo. Ndinawauza ababa kuti katundu yense tiyenera kumuika pafoni, chinthu chilichonse ndi chithunzi chake ndi mawu ochifotokoza m'Chingerezi. Anakana. Ndinanenanso. Anakananso. Ndinakwiya, ndipo ine ndikakwiya amamva mpaka ku Likangala. Mapeto ake anavomera, koma anaikapo lamulo limodzi, ndipo analinena atandiyang'ana m'maso:

"Tsiku limene bodza limodzi lidzatuluke m'dzina langa, foniyo uzime. Bola shopu ife."

Azakhali anga, mlongo wawo wa ababa amene amalondera shopu Lachisanu ababa akapita ku mzikiti, anali pomwepo akutafuna nzimbe. Iwo maganizo awo ndi akuti wogula ali ndi maso ake. Anangoseka n'kunena kuti walira mvula walira matope.

Katundu anali wambiri, wodzaza mpaka kudenga, ndipo kulemba chimodzichimodzi ndikanamaliza ndili ndi imvi. Ndiye ndinatembenukira kwa AI, pulogalamu ija umailembera ngati munthu iyo n'kukuyankha ngati munthu. Ababa anaipatsa dzina loti kalaliki, ndipo mpaka lero timaitchula choncho. Ndinakonza tebulo pa laputopu, mzere uliwonse chinthu chimodzi: dzina lake, mtundu wake, kukula kwake, chilema chake, ndi kumene chili. Ababa ankanyamula chinthu n'kumanena, ine n'kumalemba mawu awo momwemo. Kenako ndinkakopera mizere ingapo nthawi imodzi n'kumupatsa kalaliki kuti alembe mawu okopa ogula. Ndisanameze malovu anali atamaliza.

Koma ndiye analemba, abale inu. Nditawerenga ndinafuna kugula ndekha katundu wa ababa anga.

Ketulo ija yolumidwa ndi khoswe anati imalowa madzi okwana lita ndi theka, imazima yokha, ndipo ili ndi galanti ya chaka. Ife malita sitinatchule, galanti sitinayambe taiona m'banja mwathu. Fani imene khosi lake linauma kalekale, yoyang'ana mbali imodzi ngati munthu wogona molakwika, anati imazungulira chipinda chonse ndipo ili ndi liwiro la mitundu itatu. Wayilesi ya nthawi ya makaseti anaipatsa bulutufu. Matilesi ena okhala ndi dzenje pakati anati ndi abwino kumsana. Ndipo poona kuti pamzere wa mbaula yamagetsi ndinalemba kuti ili ku Chikanda, iye anamva zakudya, n'kulemba kuti mbaulayo ndi yabwino kuphikira chikanda.

Ndinawamasulira ababa zonsezi. Anamvetsera atagwira ndevu. Nditafika pa matilesi anadzuka n'kupita kukawayang'ana ngati asintha. Atabwerera anandifunsa kuti kodi kalalikiyu kwawo n'kuti, ndipo makolo ake akudziwa zimene akuchita?

Ndinayesa kuwafotokozera mmene ndimamvera ine. Kalalikiyu ketulo yathu sanaione, sanaigwire. Anaphunzira pa zolemba zambirimbiri za anthu, ndipo amalemba mawu amene kawirikawiri amatsatira anzawo. Anthu akamalemba za ketulo amatchula malita, ndiye iye akapeza kuti ife sitinatchule, amaika nambala yooneka ngati yoyenera, ndipo amaiika ndi nkhope yowongoka. Ali ngati munthu amene wapatsidwa maikolofoni paukwati koma mkwati sakumudziwa: sangakhale chete, anena basi kuti mnyamatayu ndi wakhalidwe. Ababa anati anthu oterowo amawadziwa, ndipo ena amakhala nawo mzere umodzi ku mzikiti.

Ndinamudzudzula kalaliki. Anapepesa mwaulemu zedi, anati ndikunena zoona, sanayenere kuwonjezera. Pa mizere yotsatira anapatsa ayironi nthunzi imene ilibe. Ababa anati mwanayu ulemu ali nawo, vuto ndi bodza lokhalo.

Ndiye ndinamanga sefa. Choyamba ndinalemba malangizo amene ndinkawaika pamwamba nthawi iliyonse: alembe zokhazo zili pamzere, asaike nambala iliyonse imene sindinamupatse, pamene pali popanda kanthu alembe kuti sizikudziwika, ndipo ayambe ndi chilema, zabwino pambuyo. Zinathandiza kwambiri, koma osati kotheratu. Nthawi zina, makamaka ndikamuunjikira mizere yambiri, ankatenga kukula kwa fani ya pamzere wapamwamba n'kupatsa ya pansi. Choncho ndinkatsegula tsamba lina latsopano, lopanda zimene tinakambirana kale, n'kumupatsa mzere ndi mawu aja, n'kumuuza kuti andionetse chilichonse chimene chili m'mawumo koma pamzere palibe. Ababa zimenezi zinawaseketsa mpaka misozi, ati ndalemba wakuba ntchito yolondera mbale wake. Komabe ankagwirana ndithu. Mlondayo ndiye anapeza nthunzi ya ayironi ina ndi batire la tochi limene silinaliko. Tsiku lina anagona pantchito n'kudutsitsa nambala yopeka ya mawati a magetsi, ine ndinaigwira ndi maso anga, chifukwa nambala iliyonse ndinkaiyerekeza ndekha ndi kachitsulo kolembedwa pansi pa chinthucho. Kakakhala kofufutika, tinkalemba kuti sizikudziwika basi.

Sefa yomaliza inali ababa eni ake. Madzulo ndikaweruka, dzuwa lisanalowe, tinkakhala pabenchi kutsogolo kwa shopu, ine n'kumawamasulira m'Chichewa zimene kalaliki walemba, iwo n'kumavomera kapena kukana. Chimene akana sichinkapita pafoni. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindinagone. Amene akufuna kunena kuti ndinachita ulesi abwere tionane.

Ndipo zinayenda. Ana a pakoleji anayamba kutumizirana malonda athu pongofuna kuseka. Mwaonapo kuti malonda oyamba ndi mawu akuti fani iyi khosi lake silitembenuka? Anaseka, kenako anabwera, kenako anagula. Ababa anayambanso kupesa ndevu m'mawa.

Tsopano njinga. Panali njinga yakuda yakalekale imene inali ya ababa eni ake. Ndi imene ankanyamulira katundu ine ndili wamng'ono, ndipo ine ndinakhalapo pakaliyala yake miyendo ili lendelende. Mawondo atayamba kuwavuta anaiika pamalonda. Pa tebulo la njinga ndinali nditaika malo a magiya, mabuleki, matayala ndi chilema. Ndinafunsa magiya, anati palibe. Ndinafunsa matayala, anati abwino koma alibe mpweya. Ndinafunsa mabuleki, anati phazi. Tonse tinaseka, chifukwa aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake: mabuleki anatha kalekale, ukafuna kuima umaponda tayala lakumbuyo ndi nsapato n'kumapemphera. Ndinalemba momwemo: mabuleki, phazi. Nditafunsa chilema, anati china ndi chishalo chong'ambika, poti cha mabuleki anali atanena kale.

Kalaliki analemba bwinobwino. Anayamba ndi chishalo chong'ambika, ananena za matayala opanda mpweya, anati magiya ilibe, kenako anaika mawu awiri a Chingerezi otanthauza buleki ya phazi. Mlonda wa patsamba lina anayang'ana n'kupeza kuti buleki ilipo pamzere, phazi lilipo pamzere, palibe chopeka. Nambala panalibe yoti ndiyerekeze. Pabenchi ndinawawerengera ababa kuti ili ndi buleki ya phazi, iwo anagwedeza mutu mokhutira n'kunena kuti tsopano kalalikiyu wayamba kulankhula ngati munthu wa m'banja muno.

Lachisanu lina masana ndili kuntchito, foni ya shopu, imene ndimayenda nayo, inalira. Unali uthenga wochokera kwa bambo wina amene ndinali ndisanamuonepo. Ankathokoza kwambiri. Anati iye ndi khukhi, amaphika pa nyumba ina yogona alendo pamwamba pa phiri, ndipo anatsika ndi galimoto ya kuntchito kudzagula zamasamba, n'kudzera pashopu kudzatenga njinga ija kwa mayi amene anawapeza. Anaikweza pamwamba pa matumba a mbatata, poti pampu ili kumtunda. Anati manja ake ali ndi nyamakazi, sakwanitsa kufinya mabuleki a m'manja, ndipo wakhala akufunafuna njinga ngati ya mlendo wina amene anagonapo kuntchito kwakeko, yoti ukapalasa chammbuyo imaima yokha. Anamaliza ndi kunena kuti akaweruka masana omwewo atsika nayo kupita kwawo ku Sadzi, mkazi wake akaione.

Ndinawerenga kawiri. Ndinatsegula laputopu n'kumufunsa kalaliki kuti mawu awiri aja munthu wowerenga Chingerezi angawamve bwanji. Anandiyankha mokoma mtima kuti panjinga, ambiri angamve buleki yogwira ukapalasa chammbuyo, ndipo anayamba kundifotokozera ubwino wake. Ndinamutukwana. Anapepesa. Ndinaimbira khukhi uja, foni yosapezeka. Ndinalemba uthenga wa malemba akuluakulu, unangokhala osafika, chifukwa kumtunda kuja netiweki imabwera ikafuna.

Ndinasiya mwana wasukulu ataima ndi mapepala ake n'kuthamangira kushopu. Ababa anali atangofika kuchokera ku swala ya ku mzikiti, ali mu mkanjo woyera, mzuli kumutu, masandasi awo a Lachisanu kuphazi. Azakhali anali pabenchi akudzitama kuti iwo agulitsa chinjinga chimene chakhala chikudya malo, ndipo achita popanda ulaliki. Ndinawafunsa ngati anamuuza munthuyo za mabuleki. Anati sanafunse, ndipo safunsa anadya phula.

Ndinafotokoza zonse mothamanga. Ababa poyamba anakana. Anati iwo ananena zoona, njingayo buleki yake ndi phazi, ndipo akhoza kulumbira. Ndinati inenso ndinalemba zoona, kalaliki sanapeke kalikonse, mlonda wake sanagone. Tinaima pamenepo tonse olungama, aliyense ndi chilungamo chake m'manja. Kenako ababa anayang'ana kuphiri, kumene nkhungu inali itayamba kutsika pamitengo ya paini, n'kundifunsa motsitsa mawu:

"Koma munthuyo wamva kuti chiyani?"

Mumtima mwanga munali zinthu ziwiri, ndipo sindibisa: ndinkaopa kuti bamboyo athyoka khosi, ndinkaopanso kuti foni ija ndiizima madzulo omwewo, shopu n'kubwerera kwa nkhuku.

Ababa njinga yamoto amadana nayo. Amati ndi bokosi la maliro loiwala chivindikiro. Koma tsikulo anaimitsa okha akabaza awiri, anapinda mkanjo, anakwera, n'kumukumbatira mnyamata woyendetsayo ngati mkazi wawo. Mzuli anauika m'kamwa kuti usauluke. Ine ndinali pambuyo pa inayo, ndikuimbabe foni yosapezeka.

Amene anakwerapo msewu wa kuphiri akudziwa kuti suwongoka. Umapinda, umapindanso, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho loti ukasuzumira umaona madenga a tauni yonse. Tinadutsa anthu otsika ndi njinga zodzaza nkhuni, akuzikoka chammbuyo kuti zisawathawe. Tinadutsa anyani atakhala pamwala akutiyang'ana ngati amadziwa nkhani yathu. Pakona iliyonse ndinkatseka maso, kuopa kuona njinga ndi munthu zitamwazika. Ababa aliyense wokumana naye ankamufunsa ngati waona munthu pa njinga yakuda, koma poti mzuli unali m'kamwa, anthu ankangowabweza moni.

Tinali titayandikira kumtunda, pamene anthu amagulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'mbale m'mbali mwa msewu, pamene tinamumva. Tinayamba kumva belu. Kenako anatulukira pakona: bambo wonenepa bwino, wovala malaya oyera a kukhitchini, kachikwama kali pakaliyala, miyendo ikuzungulira chammbuyo mwaliwiro loti sindinalionepo. Nkhope yake inali ya munthu amene akudikirabe kuti chinthu chigwire. Ankapalasa chammbuyo ndi chikhulupiriro chonse, njinga ikuwonjezera liwiro.

Ababa analavula mzuli n'kukuwa: "Phazi! Phazi!"

"Ndikuponda!" anayankha bamboyo akutidutsa.

"Tayala! Pondani tayala!"

Kaya anamva, kaya sanamve. Chimene tinaona n'chakuti anayang'ana kona yotsatira, anayang'ana phompho, n'kusankha mwanzeru. Anakhotera mbali ya kuphiri, anadutsa pakati pa amayi awiri ogulitsa zipatso amene anabalalika mbale zili m'manja, anakwera kamtunda ka udzu, n'kukalowa m'chitsamba cha mabulosi, iye ndi njinga ndi kachikwama. Belu linalira kamodzi komaliza.

Tinathamangira komweko. Ine ndinafika poyamba, ndinaona miyendo ikugwedera, ndinathokoza Mulungu. Ababa anafika akupuma movutikira, atagwira bondo. Ndinkayembekeza kuti afunsa ngati munthuyo wavulala. Ayi. Anaima mowongoka, anakonza mkanjo, n'kulankhula ndi mawu awo a pashopu aja:

"Bambo, ndine mwini njingayi. Ilibe mabuleki."

M'chitsamba muja munatuluka mawu: "Ndaona, achikulire."

"Chishalo chakenso n'chong'ambika."

"Chimenecho munalemba."

Tinamusolola. Minga inali itamukala m'manja ndi pamphumi, malaya oyera aja ali madonthomadontho a mabulosi, koma fupa silinathyoke ngakhale limodzi. M'kachikwama munali keke imene anaphikira mkazi wake, ndipo imeneyo ndiye inafa. Amayi ogulitsa aja anatizungulira, wina akumuthira madzi, wina akufuna kudziwa amene alipire zipatso zomwe zinatayika, ndipo ababa anavomera mlanduwo asanaumve wonse.

Khukhi uja atakhala pamwala anatulutsa foni, imene tsopano inagwira netiweki n'kuyamba kulira ndi mauthenga anga onse. Anatsegula malonda aja n'kutilozera mawu awiri aja. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanakalipa. Anangoti iye anagula osayesa chifukwa anamva kuti kwa agogo onyoza katundu sufunika kuyesa.

Ine ndinayamba kufotokoza za kalaliki, za tebulo, za mlonda wa patsamba lina, za mmene mawu a Chichewa anawolokera ku Chingerezi n'kukavala malaya ena. Ababa anandigwira paphewa kuti ndisiye. Anamuuza bamboyo kuti kalaliki alibe mlandu, mwana alibe mlandu. Mawuwo anatuluka pakamwa pawo, ndipo anawanena ngati akucheza ndi mnansi, osaganiza kuti apita kwa munthu amene sadzaona nkhope yawo ikuseka. Anati pashopu akanena kuti phazi amaona maso a wogula, akaona kuti sanamve amabwereza, koma pafoni maso palibe. Anapepesa atagwira pachifuwa. Anamubwezera ndalama zake, ndipo anamuuza kuti akwere njinga yamoto imodzi apite ku Sadzi, mkazi wake akamuone ali wamoyo.

Bamboyo anaseka, kenako anasiya chifukwa nthiti zinkamupweteka. Anati wagula zinthu zambiri pamoyo wake, koma aka n'koyamba wogulitsa kumukwerera phiri kudzanyoza katundu wake yemwe. Anafunsa ngati ababa angamupezere yeniyeni yopalasa chammbuyo. Ababa anati ayesa, koma asalonjeze, ndipo ikapezeka idzakhala ndi chilema chake.

Atapita, tinatsala ine, ababa, kabaza mmodzi, ndi njinga. Ababa anaiwongola chiwongolero ataipana ndi mawondo, anachotsa minga m'masipoko, anagogoda matayala. Za foni sananene kalikonse. Ine ndinali nditaigwira m'manja, chala chili pabatani lozimira, ndikudikira chigamulo. Mtima unkandiwawa kwambiri. Masabata onse aja pabenchi anali nthawi yokhayo imene ine ndi ababa tinagwirapo ntchito imodzi osakangana, ndipo sindinkafuna kuti ithe. Ndinawauza kuti ndikhoza kuwonjezera sefa ina, yomufunsa kalaliki nthawi iliyonse kuti mlendo wosatidziwa angamve chiyani, ndiponso kuti pa tebulo tizilemba mawu owuma, opanda nthabwala. Kenako ndinati iwo akwere njinga yamoto, ine ndikankha yakapalasayi mpaka kutauni.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anakweza mkanjo n'kuumanga mfundo m'chiuno. Anatola mzuli, anaupukuta, anaukanikiza kumutu. Ndisanazindikire chimene chikuchitika anali atakwera, ndipo phazi lawo lamanja linali kale kumbuyo, sandasi itagona patayala.

Ndinakuwa. Ndinawakumbutsa za mawondo, za msinkhu wawo, za amayi kunyumba. Anangoliza belu n'kunyamuka.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Ine pambuyo pa kabaza, ndikumumenya pamsana kuti afulumire, kenako kuti achepetse, ababa patsogolo, msana uli chilili ngati akupita kukafunsira mbeta. Pakona iliyonse phazi linkakanikiza, tayala n'kulira, njinga n'kumvera ngati mwana wolera okha. Fungo la labala wopsa linadzaza msewu wonse. Anthu a nkhuni anaima n'kumawaombera m'manja. Anyani aja anatsika pamwala. Ine ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndikuona msana womwewo umene ndinkaugwira ndili pakaliyala, ndipo ndinawakwiyira kwambiri chifukwa chondikumbutsa zimenezo ndili ndi mantha.

Anakaima kunsi, pamene msewu umayamba kuwongoka polowa m'tauni. Anaima bwinobwino, mwaulemu, ngati basi pa siteji. Ndinatsika nditakonza kale mawu oti ndiwalalatire. Iwo anavula sandasi ya Lachisanu ija n'kuikweza m'mwamba. Inali itabooka pakati, moti ndinawaona diso lawo kudzera pabowo, ndipo kautsi kankatulukabe.

"Buleki ilipo," anatero. "Sindinaname."

Ndinavomera kuti sananame.

"Koma si ya aliyense." Anayang'ananso sandasi ija, kenako anayang'ana foni imene inali m'manja mwanga. "Tsegula. Muuze kalaliki wakoyo alembe chonchi, asawonjezere ngakhale kadontho. Njinga iyi ilibe mabuleki. Ilibiretu. Wofuna kuima aziponda tayala ndi nsapato, ndipo imadya nsapato imodzi paulendo."

Ndinalemba pomwepo m'mbali mwa msewu, misozi ikugwera pagalasi. Ndinawawerengera. Anandiuza kuti ndiwerengenso, ndipo ulendo uno ndiwauze chimene khukhi uja akanamva. Ndinawauza. Anagwedeza mutu, anandipatsa njinga kuti ndikankhe, n'kuyamba kuyenda kulowera ku Chikanda, phazi limodzi lili ndi sandasi, linalo lili pansi.